Ndalama zachoka mufoni inu osadziwa? Zoyenera kuchita ola loyamba

"Ndalandira meseji yoti K45,000 yatuluka koma ine sindinatumizire munthu, nditani?"

Musayambe mwayimbira nambala yomwe yalembedwa mumesejimo ayi. Imbani *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, muone balansi nokha. Mukapeza ndalama zanu zilipo ndiye kuti mesejiyo ndi yabodza, onetsetsani mupeza kuti yachokera pa nambala wamba ya 09 kapena 08 osati dzina la kampani, ndipo posakhalitsa wina ayimba ndi mawu aulemu kuti bwana tikuthandizeni kubweza, tiuzeni pini. Dulani foni. Wogwira ntchito kukampani safunsa pini.

"Nanga ngati zachokadi?"

Apa ndiye mphindi iliyonse ndi ndalama, chifukwa wakubayo akuthamangira kwa ejenti kuti akatape, akangozitapa basi kuzibweza kumavuta kwambiri. Sinthani pini pompo ngati ikulola. Kenako imbani kumalo othandiza makasitomala, nambala yake tengani pa chikhadi cha simu kapena kwa ejenti amene mumamudziwa, muwauze kuti atseke akaunti yanu komanso agwire ndalama ku nambala yomwe zapita zisanatuluke. Adzafuna nthawi yake, kuchuluka kwa ndalama, nambala yolandira ndi nambala yaitali ija yamalembo osakanikirana yomwe imakhala mumeseji, choncho mesejiyo musafufute chonde, ijambuleni. Musanadule afunseni nambala ya dandaulo lanu mulembe papepala.

"Ine meseji sindinalandire, kungoti netiweki yasowa kuyambira m'mawa."

Ichi ndiye chimandiopsa kuposa zonse ndipo ambiri amangoti ndi netiweki yavuta. Yang'anani foni ya mnzanu yemwe muli naye kampani imodzi, ngati iye akuyimba bwinobwino pamalo omwewo koma yanu ikulemba No service ngakhale mwathimitsa ndi kuyatsanso, mwina wina watulutsa simu ina pa nambala yanu. Mameseji onse, kuphatikizapo timanambala tachinsinsi tomwe banki imatumiza, akupita kwa iyeyo, nchifukwa chake inu simukuona kalikonse. Bwerekani foni muyimbe kukampani ya foni kuti abuloke nambalayo, ndipo ngati munailumikiza ndi akaunti yakubanki imbaninso kubanki nthawi yomweyo atseke zapafoni ndi khadi, musadikire zoti mukafika kaye kutauni. Mukatero nyamulani chiphaso chaunzika mupite kushopu ya kampani ya foniyo.

"Kupolisi ndipite liti?"

Mukamaliza kutseka, musayambire kumeneko. Polisi sangayimitse ndalama ili m'njira, koma lipoti lawo lidzafunika pofufuza mwini nambala yomwe yalandira. Kampani kapena banki ikakuzengerezani mutha kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, mutenge nambala ya dandaulo ija ndi zithunzi za mameseji.