Malungo atsika chifukwa cha inu, kapena mvula yasiya?

Pali chiganizo chimodzi chomwe chandikola: "Kafukufukuyu waonetsa kuti ntchito yathu yachepetsa malungo." Nthawi zina pamalo pa malungo pamakhala mimba za atsikana, kapena kunyentchera kwa ana, koma chiganizocho n'chomwecho. Ndimakumana nacho m'mapepala a ophunzira, a anamwino ndi a ogwira ntchito m'mabungwe, amene amandipatsa kuti ndiwawerenge asanawatumize ku magazini ya zasayansi. Eni ake amakhala atagwira ntchito ndithu, palibe wabodza pakati pawo. Koma mawu akuti "yachepetsa" ndi olemera, ndipo ndikawafunira umboni m'matebulo a m'kati mwa pepalalo, kawirikawiri sindiupeza.

N'chifukwa chake pepala sindiliyambira kumayambiriro. Ndimayamba ndi ndime yomaliza ndi chidule cha pamwamba, poti ndi mmene wolemba amalankhula molimba mtima. Chiganizo chilichonse chonena kuti chinthu chachitika ndimachidula mzere kunsi, ndipo pambali pake ndimalemba nambala ya tebulo kapena pepala la wina limene likuchichirikiza. Pomwe ndasowa cholemba pambali, pamenepo ndi pamene ounika a ku magazini adzagwire. Inunso mungachite zimenezi nokha, cholembera chofiira basi.

Tiyeni tione mtundu wa pepala umene umandisowetsa mtendere. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, koma kapangidwe kake ndakaona kambirimbiri. Wofufuza apita pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Mu Febuluwale ayeza ana 40 obwera ndi kutentha thupi, ndipo 18 apezeka ndi malungo. Kenako alangizi a zaumoyo ayenda m'midzi kuphunzitsa makolo za kugona m'neti. Mu Julayi ayezanso ana 40, ndipo pano opezeka ndi malungo ndi 10. Kuchoka pa 45 peresenti kufika pa 25 peresenti. Wolemba asangalala, alemba kuti maphunzirowo achepetsa malungo ndipo boma liwafalitse dziko lonse.

Funso langa loyamba silikhala la masamu. Ndimafunsa kuti, kodi Febuluwale ndi Julayi n'zofanana? Aliyense wokulira m'Malawi muno akudziwa kuti malungo amachuluka nthawi ya dzinja ndi miyezi yotsatira mvula, madzi akadikha paliponse, ndipo amatsika nyengo yozizira ndi youma. Mlangizi akanakhala kuti sanatuluke n'komwe m'nyumba mwake, Julayi akanakhalabe ndi malungo ochepa kuposa Febuluwale. Wolembayo amadziwa zimenezi pamene ali kunyumba, koma akakhala pa kompyuta amaiwala. Ndipo nyengo si yokhayo. Mwina pakati pa miyezi imeneyo kunagawidwa maneti atsopano, mwina m'bomalo anapopera mankhwala m'nyumba. Pepala limene lilibe gulu loyerekezera nalo, kunena kuti midzi ina yofanana nayo kumene maphunzirowo sanafike, silingathe kulekanitsa ntchito ya mlangizi ndi ntchito ya mvula. Pamenepa palibe pulogalamu ya pakompyuta imene ingakupulumutseni.

Chachiwiri chimene ambiri sachiona ndi chakuti, kodi ana 40 aja ndi ndani? Si ana a m'mudzi wonse. Ndi ana amene anatentha thupi ndipo makolo awo anawabweretsa kuchipatala. Mu Julayi chimfine ndi chifuwa zimavuta. Ana otentha thupi chifukwa cha chimfine akachuluka pamzere, gawo la opezeka ndi malungo limatsika ngakhale malungowo m'mudzi akhale chimodzimodzi. Komanso mu Febuluwale mitsinje imadzaza, ndiye mwana amene mayi wake wawoloka naye madzi amakhala wodwaladi. Choncho tebulo likunena za ana oyezedwa pachipatala chimodzi, pomwe ndime yomaliza ikunena za ana a m'boma lonse, mwinanso dziko lonse. Mukamawerenga pepala lanu, yang'anani ngati anthu otchulidwa m'chiganizo chomaliza ali omwewo amene ali m'tebulo. Akasintha panjira, umboni wathera pomwepo.

Tsopano masamu. Kusiyana kwa 45 ndi 25 kumaoneka kwakukulu, koma ndi ana asanu ndi atatu okha. Mukawerengera malire a kusatsimikizika, amene pa kompyuta amalembedwa `95% CI`, mupeza kuti kutsikako kungakhale paliponse kuyambira cha pa 0 kufika cha pa 40 peresenti. Tanthauzo lake ndi lakuti manambala anuwo akugwirizana ndi kutsika kwakukulu, komanso akugwirizana ndi kusasintha kulikonse. Mayeso a nthawi zonse apereka `p = 0.06`, nambala yosonyeza mwayi woti kusiyana kotere kutuluke mwangozi pomwe palibe kusiyana kwenikweni, ndipo ofufuza amati zotsatira "zatsimikizika" ikakhala yochepera 0.05. Apa ndi pamene ndimaona zodabwitsa. Wina amalemba kuti zotsatirazo "zinatsala pang'ono kukhala zotsimikizika", kenako m'ndime yomaliza "pang'ono" uja wasowa. Wina amatembenukira kwina n'kulemba kuti maphunzirowo alibe phindu. Onsewa alakwa. Ana 80 ndi ochepa moti sangayankhe funsolo mbali iliyonse.

Choipa kwambiri ndi kusaka. Wolemba akaona 0.06 amayamba kugawa anawo: anyamata okha, osakwana zaka ziwiri okha, a kutsidya kwa mtsinje okha, mpaka penapake patuluke nambala yochepera 0.05. Ikatuluka, imeneyo ndiyo imakwera pa mutu wa pepala. Dziwani kuti mukayesa zinthu 20 zosakhudzana, pomwe palibe kusiyana kwenikweni, mwayi woti chimodzi mwa izo chioneke "chotsimikizika" mwangozi ndi pafupifupi 64 peresenti. Njira yogwirira zimenezi ndi yapafupi. Tsegulani chikalata chimene munapereka ku komiti yovomereza kafukufuku, kaya ndi COMREC kaya NHSRC, muone funso limene munalonjeza kuyankha. Ngati silikufanana ndi limene lili pa mutu wa pepala lero, lembani poyera kuti latsopanoli munalipeza mutaona kale manambala.

Kodi ndiye pepala lotere litayidwe? Ayi. Chiganizo chokha ndicho chiyenera kubwerera pa msinkhu wake: pachipatala ichi, ana 18 mwa 40 anapezeka ndi malungo mu Febuluwale ndipo 10 mwa 40 mu Julayi, ndipo kafukufukuyu sangalekanitse maphunziro ndi kusintha kwa nyengo. Ngati mukufuna kunena zoposa apa, kaundula wa chipatala alipo. Pemphani chilolezo, muyerekeze Julayi wa chaka chino ndi Julayi wa zaka zam'mbuyo, ndiponso ndi chipatala choyandikana nacho kumene alangizi sanaphunzitse. Si umboni wotheratu, koma mvula mwaichotsamo. Chimene sindilola ndi kaulesi kolemba m'ndime ya zofooka kuti "nyengo mwina inakhudza zotsatira", kenako m'ndime yotsatira n'kubwereza chiganizo cholimba chija osasintha ngakhale liwu limodzi. Chofooka chimene mwachivomera chiyenera kuoneka m'mawu anu omaliza.

Mbali ina imene olemba amabisalako ndi timanambala ta kumapeto kwa chiganizo, tolozera ku mapepala a anthu ena. "Kafukufuku wambiri waonetsa kuti…", kenako timanambala titatu. Ine ndimatsegula onse atatu. Si zachilendo kupeza kuti limodzi ndi la akuluakulu pomwe chiganizo chikunena za ana, lina likungobwereza zimene linamva kwa lachitatu, ndipo lachitatulo wolemba anangowerenga chidule chake.

Amene amaganiza kuti izi n'zazing'ono amve nkhani iyi ya ku Amereka. Mu 1980, Jane Porter ndi Hershel Jick a ku Boston analemba kalata ya ziganizo zisanu zokha ku magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Ananena kuti mwa odwala 11,882 ogonekedwa m'chipatala amene analandira mankhwala amphamvu opha ululu, a m'gulu la mofini, anayi okha ndiwo analembedwa kuti anakodwa nawo. Anali odwala a m'chipatala, olandira mankhwala m'manja mwa anamwino. Kalatayo sinanene kanthu za munthu womwa mankhwalawo kunyumba kwa miyezi. Mu 2017 ofufuza a ku Canada anawerenga mapepala 608 amene anaitchula. Pafupifupi 72 peresenti anaigwiritsa ntchito ngati umboni wakuti kukodwa ndi mankhwalawa n'kosowa, ndipo pafupifupi 81 peresenti sanatchule n'komwe kuti odwalawo anali ogonekedwa. M'zaka zapakatipo mankhwalawa anaperekedwa mochuluka ku Amereka ndipo anthu ambirimbiri anafa nawo. Kalatayo si yokha inachititsa zimenezo, koma inathandiza kuchotsa mantha mwa madokotala. Cholakwa cha oitchulawo ndi chomwe chija cha ana 40: anthu a m'tebulo anasinthidwa panjira, ndipo aliyense ankakopera kwa mnzake osatsegula kalata yeniyeniyo.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi nthawi imene mapepalawa amandifikira. Munthu amabwera ndalama za kafukufuku zitatha, oyeza atabalalika, tsiku lomaliza sukulu lili pakhomo, n'kunena kuti, "Achimwene, mungondionerako Chingelezi." Chingelezi chilibe vuto. Vuto linalowa tsiku limene anasankha Febuluwale ndi Julayi, ndipo katswiri wa ziwerengero akanaliona pa mphindi zochepa akanafunsidwa mwana woyamba asanayezedwe. Safunsa anadya phula. Ngakhale mutachedwa, mndandanda wa STROBE, wa mfundo 22 zimene pepala la kafukufuku wongoona zochitika liyenera kufotokoza, umapezeka mwaulere. Muudutse musanatumize, osati mkonzi atakubwezerani.

Ndipo munthu wothedwa nzeru ndiye amagwa m'manja mwa achinyengo. Alipo amene amalonjeza kuti mukawalipira "akukonzerani" manambala mpaka `p` atsike. Kumeneko n'kupeka umboni, ndipo zikadziwika dzina lomwe limaipa ndi lanu, osati lawo. Alipo magazini amene amakutumizirani uthenga wokutamandani, n'kulonjeza kusindikiza pepala m'masiku ochepa mukangotumiza madola. Kuunika kwenikweni kumatenga milungu, nthawi zambiri miyezi, ndipo kumabwera ndi mafunso owawa ngati awa ndafunsa pano. Magazini imene yalandira pepala la Febuluwale ndi Julayi popanda funso ngakhale limodzi sinaliwerenge. Fufuzani dzina lake mu DOAJ kapena PubMed, akaundula a pa intaneti a magazini ndi mapepala a zasayansi, funsani woyang'anira laibulale wa pasukulu panu, ndipo musanyoze magazini a kuno ngati Malawi Medical Journal, amene ounika ake amadziwa mwezi umene malungo amavuta. Pepala likatuluka m'magazini yachinyengo simungalitumizenso kwina, poti limatengedwa kuti linasindikizidwa kale, ndipo kulichotsako nthawi zina amafunanso ndalama zina.