"Inali ngongole, bwana": momwe a ACB amatsatira ndalama za chiphuphu

Chiphuphu sichilemberedwa lisiti. Wopereka ndi wolandira onse amapindula, onse amakhala chete, ndipo kawirikawiri pamakhala palibe mboni imene inaona envelopu ikusintha manja. N'chifukwa chake milandu yambiri ya katangale imayendera mapepala a kubanki. Ife maloya timadziwa kuti mlandu wotere umapindika kapena kuwongoka pa funso limodzi: kodi boma lingalumikize ndalama imene munthu analandira ndi ntchito imene anagwira mu ofesi yake?

Lamulo lothana ndi katangale la 1995, lomwe linakhazikitsa bungwe la ACB, limagwira mbali zonse ziwiri. Wogwira ntchito m'boma amene wapempha, walandira kapena wangovomera kuti adzalandira kanthu pofuna kuti achite kapena asachite china pa udindo wake, walakwa. Woperekayo, ngakhale wongolonjeza, walakwanso. Chilango chake chimafika zaka 12 m'ndende. Kanthuko sikayenera kukhala ndalama yokha: poloti, fizi ya mwana kapena ntchito ya mphwanu, zonsezo zimawerengedwa.

Tiyerekeze kuti khonsolo ina yapereka kontirakiti ya K80 miliyoni yokumba mijigo, ndipo wina wakatsina khutu a ACB kuti mkulu woona zogula katundu anadyapo. Ofufuza sathamangira kukamanga munthu. Amayamba ndi failo ya kontirakitiyo: makampani angati anapikisana, anapereka mitengo yanji, anasaina ndani, tsiku liti. Kenako amapita kwa mlembi wamkulu wa makampani kukaona eni ake a kampani yopambanayo. Nthawi zina nkhani imaonekera pomwepo, mukapeza kuti makampani atatu "opikisana" ali ndi bokosi limodzi la kalata, kapena mmodzi wa eni ake ndi mkazi wa bwanayo wolembedwa ndi dzina la kwawo.

Akatero amaitanitsa masitetimenti a kubanki, ndipo lamulo limawapatsa mphamvu imeneyo. Apa chimene amayang'ana kwambiri ndi masiku. Khonsolo yalipira kontirakitala Lolemba. Lachitatu iye watapa K8 miliyoni pakauntala. Njira ya ndalamayo ikuoneka ngati yathera pomwepo, chifukwa kashi salemba dzina. Koma wolandira sasunga K8 miliyoni pansi pa matiresi mpaka kalekale, amafuna kuidya. Ndiye Lachisanu mu akaunti ya mlamu wake wa bwana uja, munthu wogulitsa makala amene akaunti yake sinaonepo ndalama yopitirira K200,000, mwalowa K7.5 miliyoni m'zigawo zitatu, m'nthambi ziwiri za banki. Sabata yotsatira ndalamayo yapita kwa wogulitsa galimoto. Mapepala a msonkho ku MRA ndi a kulembetsa galimoto akuonetsa dzina la mlamu, koma inshuwalansi akulipira ndi bwana, ndipo galimotoyo imagona kunyumba kwa bwana.

Kuduladula ndalama m'zigawo, kumene anthu amaganiza kuti n'kuchenjera, ndi kumene kumawagwiritsa. Mabanki ali ndi udindo wotumiza lipoti ku bungwe la FIA, lolondola ndalama zokayikitsa, lomwe likugwira ntchito pansi pa lamulo la milandu ya zachuma la 2017, akaona ndalama zambiri kapena zoyenda mokayikitsa, ndipo saloledwa kumuuza kasitomala kuti amuneneza. Kuonjezera apo pali mbiri ya mafoni, yosonyeza kuti bwana ndi kontirakitala anaimbirana kangati tsiku lotapa ndalama lija, komanso ya Airtel Money ndi Mpamba, pamene nambala iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso. Kafukufuku ali mkati, mkulu wa ACB angathe kuletsa kuti galimoto, nyumba kapena akaunti zisagulitsidwe kapena kukhudzidwa.

Milandu ya Cashgate ya 2013 inayenda njira yofanana. Ndalama zinkatuluka m'boma kudzera m'makina olipirira a IFMIS kupita ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, zolemba zina n'kufufutidwa. Koma macheke anali atadutsa kubanki, ndipo mabanki anasunga zawo. Akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi. Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, anavomera mlandu mu 2014 n'kulamulidwa zaka zitatu, ndipo wabizinesi Oswald Lutepo analamulidwa zaka 11 mu 2015.

Tsono woimbidwa mlandu angadziteteze bwanji? Choyamba, Malamulo aakulu a dziko amati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete komanso wokhala ndi loya. Boma liyenera kutsimikizira mlandu popanda chikaiko chomveka. Mu chitsanzo chathu muli mpata weniweni: palibe pepala losonyeza kuti K8 miliyoni yotapidwa Lachitatu ndi yomweyo inalowa kwa mlamu Lachisanu. Loya wabwino adzakakamira pamenepo. Ngati kontirakitala angabweretse buku la malipiro losonyeza kuti kashiyo inapita kwa aganyu ndi ogulitsa simenti, ndipo mlamu angaonetse kuti anagulitsa ng'ombe kapena fodya sabata imeneyo, unyolo waduka. Ine ndimaona kuti n'zoyenera kuti udukedi zikatero, chifukwa kukayikira kokha sikuyenera kutsekeretsa munthu.

Chitetezo chimene ndimachimva kwambiri ndi chakuti inali ngongole. Chimatheka, koma khoti lidzafunsa mafunso amene aliyense wobwereketsa ndalama amafunsa. Munagwirizana liti? Chikalata chili kuti? Munabwezapo zingati ofufuza asanabwere? Ndipo n'chifukwa chiyani mwa anthu onse munakabwereka kwa munthu amene failo yake inali patebulo lanu? Ngongole yoona imasiya mapazi akale: uthenga wa pafoni wokumbutsa, ndalama zobwezedwa mwezi ndi mwezi. Chikalata chotulukira munthu atamangidwa kale chimaononga zinthu, chifukwa kompyuta imasunga tsiku limene chinalembedwa, ndipo chikapezeka chabodza munthu wadzionjezera mlandu wina. Za mphatso zimayendanso chimodzimodzi: nkhuku ya pa chikondwerero si yofanana ndi mamiliyoni obisidwa m'dzina la wachibale masiku ochepa cheke chitatuluka.

Pali zifukwa zina zimene anthu amadalira koma sizithandiza. Kunena kuti kampaniyo ikanapambanabe, kapena kuti amene anasankha ndi komiti osati inu nokha, sikufufuta kulandira kuja. Kunena kuti aliyense mu ofesimo amatero sikuchotsa mlandu. Ndipo amene akuti anachita kukakamizidwa kupereka, mawu ake amamveka bwino ngati anakanena msanga yekha. Milandu ina a ACB amaigwira motero: wodandaula amapatsidwa ndalama zolembedwa manambala, n'kukapereka ofufuza ali pafupi. Zikatero, chotsala kwa woimbidwa mlandu ndi kusonyeza kuti sanapemphe kanthu ndipo sanadziwe cholinga cha ndalamayo.

Gawo 32 la lamulo lothana ndi katangale lija ndi limene ogwira ntchito m'boma ambiri salidziwa. Boma silifunika kutchula amene anapereka chiphuphu. Likangosonyeza kuti chuma chanu kapena moyo umene mukukhala sukugwirizana ndi malipiro anu ndi njira zina zodziwika zopezera ndalama, udindo wofotokoza umagwera inu, ndipo katundu wosungidwa ndi achibale m'malo mwanu angathe kuwerengedwa ngati wanu. Anthu oona mtima amene amalima soya kapena kuchititsa lendi nyumba amavutika pano chifukwa chosasunga mapepala. Sungani malisiti a zokolola, mapangano a lendi ndi a malo, ndipo ngati udindo wanu uli m'gulu lofunika kulengeza chuma pansi pa lamulo la 2013, lembani zonse, chifukwa fomu imeneyo ofufuza adzaiika pambali pa sitetimenti yanu ya kubanki n'kuyerekeza mzere ndi mzere.