Dontho likakwera, musathamangire sipanala

“Dontho likakwera pamwamba pa mzere wapakati, ndiye kuti makina asokonekera, tiwakonze msanga.” Mawu amenewa ndi akale mufakitale, koma amawonongetsa katundu.

Taganizani makina othira shuga m'mapaketi. Pa tchati choonetsa kulemera kwa mapaketi, pomwe dontho lililonse ndi paketi imodzi yoyesedwa, mzere wapakati uli pa magalamu 1,005, malire ali pa 999 ndi 1,011. Malirewa sadachokere kwa wogula kapena kwa bwana ayi. Adawerengedwa kuchokera ku kulemera kwa mapaketi amene makina omwewo adathira akuyenda bwinobwino, masigima atatu uku, atatu uko, monga adayambitsira katswiri wa ku America Walter Shewhart mu 1924. Sigima ndi muyeso wa mmene kulemera kwa mapaketi kumasiyanirana.

Tsono dontho la 1,009 si nkhani. Ngakhale mayi wogulitsa mpunga ndi kapu imodzi sadzaza mofanana kawiri. Woyendetsa makina akaona 1,009 n'kuchepetsa magalamu anayi, wasuntha makina amene anali pabwino, ndipo madontho otsatira adzazungulira 1,001. Kenaka adzabwezanso. Tsiku lonse n'kupotokola, mapaketi n'kumasiyana kuposa akadangowasiya.

Kusuntha kwenikweni kumaoneka dontho likadumpha malire, monga 1,013. Apo yambani mwayesa sikelo, chifukwa nthawi zina yonama ndi iyo. Chobisika kwambiri ndi madontho asanu ndi atatu otsatizana mbali imodzi ya mzere wapakati, onse ali mkati mwa malire: 1,003, 1,002, 1,004, choncho. Mwangozi zotere sizichitikachitika. Funsani chimene chidasintha pamene dontho loyambalo lidalembedwa, kaya ndi shuga wa chinyezi wogwirana pakamwa pa makina, kaya ndi gulu la usiku lidakhudza kena kake.