Mizere ya Fibonachi imadalira pomwe mwayambira kuyeza

Mtengo ukamakwera pamsika wa ndalama zakunja kapena wa kopa, suyenda mowongoka, koma umakwera, n'kubwerera pang'ono, kenako n'kupitiriza ulendo. Mizere ya Fibonachi ndi njira yoyerekezera pamene kubwererako kungathere. Imachokera pa mndandanda wa manambala umene Leonardo wa ku Pisa, wodziwika kuti Fibonachi, anaufalitsa mu 1202, momwe nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri za m'mbuyo mwake, monga 21, 34, 55, 89. Mukagawa 55 ndi 89 mumapeza 0.618, mukagawa 34 ndi 89 mumapeza 0.382, ndipo 21 ndi 89 zimapereka 0.236; manambalawa ndi amene amapereka mizere ya 61.8, 38.2 ndi 23.6 peresenti ya ulendo wa mtengo. Mzere wa 78.6 peresenti umachokeranso pa 0.618, pomwe wa 50 peresenti suchokera pa mndandandawu n'komwe. Amalonda anangouwonjezera chifukwa mitengo imakonda kubwerera theka la ulendo wake.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo pa TradingView, pulogalamu yoonetsa matchati a mitengo, chida cha Fib Retracement chimawerengera chokha. Tiyerekeze kuti tani imodzi ya kopa yakwera kuchoka pa madola 8,000 kufika pa 9,000. Ulendowo ndi wa madola 1,000, choncho mukawerenga motsika kuchokera pa 9,000, mzere wa 38.2 peresenti ugwera pa 8,618, wa 50 pa 8,500, ndipo wa 61.8 pa 8,382.

Chovuta chili pa kusankha malo awiri oyezerapo, potsikitsitsa ndi nsonga ya ulendowo. Tiyerekezenso kuti mkati mwa kukwerako mtengo unatsikako mpaka pa 8,300 usanapitirize. Munthu woyezera pa 8,300 ali ndi ulendo wa madola 700 okha, ndipo mzere wake wa 61.8 ugwera pafupi ndi 8,567. Mtengo ukatembenukira pamenepo, iye adzanena kuti njirayi yalosera molondola, pamene mnzake woyezera pa 8,000, amene akuyang'ana tchati chomwecho, alibe mzere uliwonse pamalopo. Zithunzi zambiri zimene achinyamata amatumizirana m'magulu a WhatsApp muno mu Lusaka zimaoneka zodabwitsa pa chifukwa chimenechi: wojambula anasankha poyambira ataona kale pamene mtengo unatembenukira.

N'chifukwa chake lamulo losankhira liyenera kukhazikitsidwa mizere isanajambulidwe. Kandulo ndi chizindikiro cha pa tchati chosonyeza mmene mtengo wayendera pa nthawi yoikika, ndipo lamulo limodzi lodziwika limati nsonga ndi kandulo imene ili pamwamba kuposa makandulo awiri a kumanzere kwake ndi awiri a kumanja, ndipo potsikitsitsa pamapezeka mofananamo. Izi zikutanthauza kuti nsonga siidziwika mpaka makandulo awiri otsatira atatseka, ndipo kudikirako kuyenera kuvomerezedwa. Nsongayo isankhidwe pa tchati cha nthawi imene mukuchitirapo malonda, chifukwa amene amasunga malonda kwa milungu ingapo sapindula kanthu poyezera pa makandulo a mphindi zisanu. Ngati pansi mwayezera pa chingwe cha kandulo, kamzere kopyapyala kosonyeza pamene mtengo unafika, pamwambanso muyezere pa chingwe, osati pa mtengo wotsekera. Ine ndimakonda zingwe, popeza ndi pamene mtengo unafikadi, koma chachikulu n'chakuti musasinthesinthe. Mtengo ukadutsa pa 9,000, mizere yakaleyo yatha ntchito ndipo iyenera kuyezedwanso. Ukatsika kupyola 8,000, ndiye kuti sikulinso kubwerera, koma kukwera konseko kwafafanizika.

Ngakhale mutasankha bwino, pali nthawi zimene njirayi imalephera. Msika ukamangoyenda chopingasa pakati pa mitengo iwiri, palibe ulendo woti muyeze, ndipo mudzaona mtengo ukudutsa mizereyo uku ndi uku osaima. Nkhani zazikulu nazo sizilabadira mizere. Pakati pa Julaye ndi Seputembala 2021, nyengo ya chisankho, kwacha ya Zambia inalimba kuchoka pa K22 ndi kuposerapo pa dola imodzi kufika pafupi ndi K16, ndipo choyendetsa chinali chiyembekezo cha anthu pa ndale ndi pa ngongole za dziko, osati chiwerengero cha pa tchati. Chimodzimodzinso masheya ena a pa Lusaka Securities Exchange, amene amatha masiku osagulidwa: nsonga yake imakhala malonda a anthu ochepa chabe, moti kuyezapo n'kudzinamiza.

Palinso vuto lina limene ambiri saliganizira. Pa chitsanzo cha kopa chija, mizere isanu igwera pa 8,764, 8,618, 8,500, 8,382 ndi 8,214. Mukalola kuti mtengo uphonye mzere ndi madola 30 mbali iliyonse, mizereyo yatenga madola 300 mwa 1,000, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la ulendo wonse likuwerengedwa ngati lolondola. Kuti mudziwe ngati njirayi ikukuthandizani, bisani mbali ya kumanja ya tchati chakale, jambulani mizere motsatira lamulo lanu, lembani mzere umodzi wokha umene mukuudalira pamodzi ndi mtengo umene mudzatulukire ukalephera, kenako muwerenge nthawi zonse zimene unagwira ndi zimene unadutsidwa.