Mphamvu zisanu zija mwazitchula, nanga phindu akudya ndani?

Chaka ndi chaka ndimachonga zimangirizo za ophunzira zamalonda, ndipo vuto lake n'lomwelomwelo. Munthu amandandalika mphamvu zisanu zofinya phindu la makampani zomwe anafotokoza katswiri wa zamalonda Michael Porter, zomwe ndi opikisana nawo, ofuna kulowa kumene, zolowa m'malo, ogula ndi ogulitsa zipangizo, iliyonse ndime yakeyake, apa "yayikulu", apo "yaying'ono", basi watha. Ayi ndithu. Porter potulutsa njirayi mu 1979 ankafunsa kuti, pa ndalama zomwe bizinesi ya mtundu wina imapanga, n'zingati zimatsalira makampani ake, ndipo zinazo akutenga ndani?

Chimangirizo chomwe chimandiwawabe mtima chinali cha wophunzira wakhama kwambiri. Analemba za makampani a ndege, n'kugamula kuti bizinesiyi ndi yonona chifukwa okwera akuchulukirachulukira. Koma kuchuluka kwa makasitomala sikutanthauza phindu. Ndege zikuluzikulu amapanga ndi Boeing ndi Airbus, choncho wogula ndegezo, yemwe ndi kampani ya ndege, alibe kwina kothawira. Mtengo wa mafuta sauika ndi iye. Wokwera naye amayerekeza mitengo pa foni n'kusankha wotsika, osataya kanthu posintha kampani. Choopsa kwambiri ndi ichi: ndege ikanyamuka, mpando wopanda munthu watayika, sungagulitsidwenso mawa, pomwe malipiro a oyendetsa ndi ngongole ya ndegeyo sizinachepe. N'chifukwa chake makampaniwa amatsitsirana mitengo mpaka phindu kuuma. Akanalumikiza mfundozi, yankho lake likanatembenuka.

Anasokonezanso opikisana nawo ndi zolowa m'malo. Ryanair ndi easyJet, makampani a ndege a ku Ulaya, ndi opikisana, malonda awo ndi amodzi. Cholowa m'malo chimachokera kunja n'kuthetsa vuto lomwelo la kasitomala, monga sitima yothamanga yomwe inayamba kuyenda pakati pa mizinda ya Madrid ndi Barcelona ku Spain mu 2008 n'kulanda okwera ambiri a ndege. Apa mukuona chifukwa chake muyenera kuyamba mwadula malire. Pa maulendo afupiafupi a ku Ulaya sitimayi ndi chiopsezo chenicheni, koma pa ulendo wowoloka nyanja ya Atlantic siwerengedwa n'komwe. Mukangoti "makampani a ndege" osanena ati, mphamvu zonse zisanu zimasokonekera.

Ndiye musaziyese zofanana. Sankhani ziwiri kapena zitatu zomwe zikufinya phindu kwambiri, perekani umboni, ndipo nenani ngati zikukula kapena kuchepa, popeza njirayi imangoonetsa mmene zinthu zilili lero. Kenako gamulani mosapita m'mbali, ndipo munene kuti mukugamulira kampani yomwe ili kale m'katimo kapena yofuna kulowa.

Umboni umenewu supezeka usiku woti mawa mukupereka ntchito. Malipoti a pachaka a makampani amafuna nthawi. Mukazengereza mudzagwa m'manja mwa ogulitsa zimangirizo zolembalemba kale, ndipo zawozo ndimazizindikira msanga: mphamvu zonse "zapakatikati", ndipo mutafufuta mawu oti ndege n'kulembapo simenti, palibe chiganizo chingasinthe. Zotere sindipereka malikisi.