Mphemvu za m'khitchini: mafunso ndi mayankho pa nyambo ya jelo

"Ndimapopera mankhwala sabata iliyonse kwathu ku Matero, koma usiku ndikayatsa getsi mphemvu zili balalabalala pa mapoto. Zikuchokera kuti?"

Zili m'khitchini momwemo, mayi. Mphemvu zing'onozing'ono zofiirira, za mizere iwiri yakuda kuseri kwa mutu, zimakonda mng'alu wothina, wofunda, wapafupi ndi madzi. Kokani firiji muone pamene pali injini yake, muunike kunsi kwa sinki ndi m'mahinji a kabati. Mukapeza timadontho takuda ngati tsabola wopera, ndowe zake ndi zimenezo, ndipo mudzi wawo ndi womwewo. Musaiwale makatoni amene mumanyamuliramo katundu kuchokera kumsika wa Soweto, m'mapindo mwake zimabisalamo kwambiri.

"Nanga mankhwala opoperawa sakupha bwanji?"

Amapha zimene awaza, koma zambiri zimakhala zili mkati mwa ming'alu. Ambiri mwa mankhwalawa amaziingitsa, ndiye zimangothawira kuchipinda kapena kwa aneba ngati khoma ndi limodzi. Yaikazi imayenda ndi kathumba ka mazira 30 mpaka 40 kwa milungu pafupifupi inayi, ndipo chikopa cha kathumbako chimateteza mazirawo. Ndiye mwezi usanathe ana aswa, mwabwerera pomwe munayambira.

"Jeloyo imasiyana pati?"

Ndi nyambo, chakudya chosakaniza ndi poizoni wosapha msanga. Mphemvu imadya, n'kubwerera kumene imabisala, n'kukafera komweko. Ana ake, amene satuluka kawirikawiri, amadya ndowe zake, ndipo zinzake zimadya mtembo wake. Apa ndiye pagona mphamvu yake: poizoni amalowa mumng'alu momwe inu simungafike.

"Ndiike bwanji?"

Ikani timadontho tochepa ngati njere ya mpunga, totalikirana ngati chikhatho chotambasula, pomwe mwaona ndowe paja. Anthu ambiri amalakwitsa pofinyira chimulu chimodzi pakati pa shelefu, pomwe mphemvu sidutsa. Musaike pokonzera chakudya kapena pofika ana ndi ziweto.

Chimene ndimachonderera aliyense ndi ichi: mukaika jelo, musapoperenso pamalopo, chifukwa mphemvu siyandikira nyambo yonunkha mankhwala. Musagone ndi mbale zosatsuka ngakhale magetsi atathima. Makoko a nsima mumphika ndi mafuta otayikira pa chitofu zikakhutitsa mphemvu, nyambo yanu ingouma osadyedwa.

"Ndidziwa bwanji kuti zikutheka?"

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muyamba kusesa zakufa. Pomwe timadontho tadyedwa, onjezerani. Pomwe sitinakhudzidwe, mwaika polakwika, sunthirani kufupi ndi mng'alu. Pitirizani kopitirira mwezi kuti ana oswa mochedwa adyeko. Zikayambanso kuchuluka patapita miyezi, gulani jelo ya poizoni wina, poti mphemvu zimazolowera, ndipo ngati mumakhala mdadada umodzi ndi mabanja ena, gwirizanani muike tsiku limodzi.