Ikisi imathandiza mbewu ya abambo, koma simabweza zaka za mayi

"Adokotala, ine kuchipinda ndilibe vuto, mufunse mayiwa." Mawu amenewa ndawamva mpaka kutopa nawo, ndipo amene amayankhula chonchi nthawi zambiri amakhala kuti pepala la kulabu lili mmanja mwanga likunena zina. Abambo inu, mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Umuna ukhoza kutuluka wambiri, wooneka bwinobwino, koma mkatimo mulibe mbewu olo imodzi. Ndi maso simungadziwe, mpaka tiuike pa maikulosikopu.

Ndimagwira ntchito ku kiliniki yothandiza mabanja osabereka kuno ku Joni, ndiye anthu akumudzi akamva zoti pali wakwathu amandipeza ndithu. Ambiri amafika atamva kale za njira ina imene pa pepala imalembedwa ICSI, ife timangoti ikisi, ndipo amabwera akuganiza kuti ndi jakisoni amene tibaye bambo kuti mbewu zichuluke. Ayi. Chimene chimabayidwa ndi dzira la mayi, lili kunja kwa thupi, m'kambale ka kulabu.

Zimayenda chonchi. Mayi amabayidwa majakisoni a mahomoni masiku 10 mpaka 12 kuti mazira akhwime angapo nthawi imodzi, kenako jakisoni womaliza, ndipo pakatha maola pafupifupi 36 timakawatenga mazirawo ndi singano. Mpaka apa palibe kusiyana ndi njira yakale ija ya aiviefu. Kusiyana kuli pa zimene timachita mazira akafika kulabu. Pa aiviefu timangoika dzira pakati pa mbewu masauzande ambirimbiri nkuzisiya zilimbane zokha, imodzi ilowe. Pa ikisi timalichotsa dzira timaselo tomwe talikuta, kaye tione ngati lakhwima chifukwa losakhwima silibayidwa, ndiye timasankha mbewu imodzi yooneka bwino komanso yoyenda, timaipsinja mchira ndi kasingano kagalasi kuti isiye kuyenda, nkuikoka kuyambira kumchirako. Mbali inayi kapaipi kena kagwira dzira kuti lisagwedezeke, kasingano kaja nkuboola nkuisiya mbewuyo mkati. Mawa lake, patatha maola 16 mpaka 18, timayang'ana. Tikaona timadontho tiwiri pakati pa dzira, kena ka bambo kena ka mayi, ndiye kuti zagwirana. Mwa mazira 10 okhwima amene tabaya, kawirikawiri 7 kapena 8 amagwira.

Njirayi inayambira ku Brussels m'dziko la Belgium, ana oyamba anabadwa mu 1992, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la dokotala wa ku Italy, Gianpiero Palermo. Isanabwere, bambo wa mbewu zochepa kwambiri ankangouzidwa kuti apeze mbewu ya munthu wina, basi.

Nanga timaisankha liti? Osati poti pepala lanu latsika pang'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse mu 2021 linaika malire apansi pa mbewu 16 miliyoni mu mililita imodzi, 30 pa 100 zikhale zosambira kupita kutsogolo, ndipo 4 pa 100 zikhale zooneka bwino. Munthu wa 12 miliyoni akhoza kupereka mimba kunyumba konko popanda ife. Komanso pepala limodzi sitilikhulupirira, chifukwa mbewu imatenga masiku oposa 70 kuti ipangike, ndiye ngati munadwala malungo mwezi watha thupi nkutentha kwambiri zotsatira zituluka zoipa, timati mubwerenso pakatha miyezi itatu. Ikisi timaitchula mbewu zikatsika zedi, tinene pansi pa 5 miliyoni kawiri konse, kapena zilipo koma pafupifupi zonse sizikusambira, kapena tinayesa aiviefu wamba mazira osagwira olo limodzi. Ndiye pali gulu lomwe mu umuna mulibiretu kanthu, loti mbewu timachita kukazitenga ku machende ndi singano kapena kaopaleshoni. Mbewu zotengedwa chonchi nthawi zambiri zimakhala zochepa komanso sizitha kuboola dzira pazokha, apa palibe njira ina koma ikisi.

Pa gulu lomalizali ndi pomwe pali banja lina limene mpaka pano limandiwawa mumtima. Anakwatirana mayi ali ndi zaka 31. Chaka chinatha, ziwiri, mimba osaoneka, ndiye mukudziwa kale amene analozedwa chala. Mayi uja anamwa zitsamba za mtundu uliwonse, anatemedwa mphini mchiuno, kumapiri anakagonako kusala kudya, kuchipatala anamujambula machubu kawiri nkumuuza kuti ali bwinobwino. Bambo osayezetsa, ati iwo amatafuna gondolosi ndipo zonse zikuyenda. Apongozi mpaka anayamba kunong'ona zolowetsa fisi. Anafika kwa ife mayi ali ndi zaka 40.

Titayeza umuna, mbewu ziro. Tinabwereza, tinauzungulitsa pa makina kuti kalikonse kali momwemo kadikhe pansi, ziro. Koma powagwira machende anali a saizi yabwino, olimba bwino, magazi akuonetsa kuti mahomoni ali mmalo mwake, kungoti kathumba kosungira mbewu kamene kamakhala kuseri kwa tchende kanali kotupa kolimba mbali zonse. Zikatero timadziwa kuti mbewu zikupangidwa koma njira ndi yotseka. Nditawafunsa paokha mayi atatuluka, anayang'ana pansi nkuti, "Ndili mnyamata ndinadwalapo chinzonono, ndinangogula makapisozi pa golosale." Zipsera za matenda aja ndi zimene zinatseka njira.

Tsiku lotenga mazira, adokotala anzathu anabaya kathumba kaja ndi kasingano, sizinatenge olo mphindi 20, ndipo pa maikulosikopu mbewu zinali mbwee, zina mpaka tinasunga mufiriji ya naitulojeni. Mbali ya bambo inatheka mosavuta chonchi. Koma mayi, ndi majakisoni onse aja, tinapeza mazira 5 okha. Okhwima anali 4, atatu anagwira, pofika tsiku lachisanu mluza umene unali ukukulabe unali umodzi. Tinauika m'chiberekero, patatha masabata awiri magazi anati mimba palibe. Ndalama zoyeseranso analibe, anali atagulitsa kale poloti.

Ikisi inachita ntchito yake, mazira atatu mwa anayi si zoipa ayi. Imangodutsitsa mbewu pa khoma la dzira, za ubwino wa dziralo ilibe nazo mphamvu, ndipo mazira a mayi amayamba kutsika msanga akadutsa zaka 35, pofika 40 ambiri amakhala ndi makolomozomu, tinthu tonyamula chibadwa, osokonekera moti mluza umangoima panjira. Mayi yemweyu akanabwera ali ndi 32 nkhani ikanakhala ina. Zaka 9 zinapita chifukwa cha kabotolo kamodzi koyezetsera umuna kamene bambo ankachita nako manyazi.

Si onse a ziro amene ali ngati bambo amenewa, ndisakunamizeni. Ena vuto lili m'machende mwenimwenimo, mwina matsagwidi anatsikira kumeneko atakula kale, mwina machende sanatsike ali mwana, mwina ndi chibadwa. Awa timachita kutsegula tchende nkumafufuza ndi maikulosikopu, ndipo timapeza mbewu mwa pafupifupi theka la iwo basi. Timayambanso tayeza magazi kuona makolomozomu, chifukwa pali vuto lina la kolomozomu yachimuna loti ikisi ikatheka, mwana wamwamuna adzalitengera ndithu, ndiye banja lidziwiretu lisanalipire.

Ndipo chonde, majakisoni a tesitositeloni amene akugulitsidwa mmajimu ndi pa WhatsApp ati owonjezera mphamvu, asiyeni ngati mukufuna mwana. Ubongo ukaona kuti homoniyi yachuluka m'magazi umasiya kutuma machende, mbewu nkutsika mpaka ziro mwa munthu amene analibe vuto lililonse. Mukasiya zimatenga miyezi yambiri kuti zibwerere, ena kupitirira chaka, uku mayi zaka zikupita.

Chaka chikatha mukugonana osadziteteza mimba osabwera, kapena miyezi 6 ngati mayi wadutsa 35, kayezetseni nonse awiri, ndipo bambo ayambe ndi iyeyo chifukwa kwake nkotchipa komanso kulibe ululu. Mudzikanize masiku awiri mpaka 7, atakupatsani kabotolo, umuna wonse ulowe momwemo makamaka woyambirira kutuluka, ndipo ufike kulabu ola lisanathe.